Lipoti la kopaletivi ya mpunga: buku la msungichuma likuti aluza K5,450,000, maakaunti akuti apindula K754,000

Nkhaniyi ndi ya kopaletivi ina ya alimi a mpunga kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'boma la Chikwawa, yomwe ndinaikonzera maakaunti a chaka chothera pa 31 Disembala 2023. Dzina lake sinditchula. Ntchito yawo ndi kugula mpunga wosapuntha kwa mamembala nthawi yokolola, kuusunga, n'kumapunthitsa pang'onopang'ono ndi kugulitsa mitengo ikamakwera. Chaka chimenecho chinali choyamba kugula mpunga wochuluka, ngakhale zokolola m'derali zinali zitachepa kutsatira madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu Malichi.

Vuto lomwe anandiitanira

Mayi msungichuma ankalemba buku limodzi, zolowa kumanzere, zotuluka kumanja, ndipo ankalilemba mwaukhondo: lisiti iliyonse inalipo, ndalama za m'bokosi ndi za kubanki zinkagwirizana ndi buku mpaka tambala. Atawonkhetsa chaka chonse anapeza kuti malonda alowetsa K9,900,000 pomwe zotuluka zafika K15,350,000. Kusiyana kwake, K5,450,000, anakulemba kuti ndi losi. Mpamba sanausakanize ndi malonda, ndipo apa anachita bwino: K4,000,000 ya masheya a mamembala ndi K6,000,000 ya ngongole anazilemba patsamba lapadera.

Mawu akuti kopaletivi yaluza mamiliyoni asanu anafala m'midzi msonkhano waukulu wapachaka usanachitike, ndipo ena anayamba kunena kuti komiti yadya ndalama. Bambo wapampando atandiimbira foni anati, "Achimwene, mpunga uli tho m'shedimu, sukulu ili ndi ngongole yathu, nanga kuluzako kwachokera kuti?" Funso lawolo linali kale ndi theka la yankho.

Buku la mayiwo limatsata njira ya kashi. Njira imeneyi imayang'ana tsiku lomwe ndalama yalowa kapena yatuluka, basi. Sifunsa kuti ndalama yatulukayo yagula chiyani, kapena chinthu chagulidwacho chidzabweretsa malonda liti. Njira inayo, yomwe ife a maakaunti timaitcha akruwo, imalemba malonda pa nthawi yomwe katundu waperekedwa kwa wogula, kaya walipira kaya sanalipire, kenako n'kufunsa kuti: pofuna kupeza malonda amenewa, tinagwiritsa ntchito zinthu za ndalama zingati? Zowonongedwa zimaikidwa m'chaka chimodzi ndi malonda omwe zinathandiza kubweretsa. Pa bizinesi yogula lero n'kugulitsa lero lomwe, ngati ya tomato pamsika wa Dyeratu, njira ziwirizi zimapereka yankho lofanana kapena loyandikana. Pa mpunga wogulidwa mu Juni n'kugulitsidwa mu Febuluwale, kalendala imadula bizinesi pakati, ndipo njira ya kashi imaika kugula chaka china, kugulitsa chaka china.

Kuyamba ndi malonda

Sungayanjanitse zowonongedwa ndi malonda usanadziwe malondawo. Choncho ndinasiya kaye buku la ndalama n'kutenga buku la kushedi ndi timapepala tosainira polandira katundu. Zinaonetsa kuti pofika pa 31 Disembala anali atapunthitsa matumba 250 a makilogalamu 50. Thumba lililonse linkatulutsa pafupifupi makilogalamu 32 a mpunga woyera, zotsalazo ndi mankhusu ndi gaga, ndiye kuti anapeza makilogalamu 8,000. Onsewo anatuluka m'manja mwa kopaletivi pa K1,500 kilogalamu imodzi. Malonda a chaka ndi K12,000,000.

Mu K9,900,000 ya msungichuma munali zinthu ziwiri zofunika kukonza, china chokweza china chotsitsa. Sukulu ina yogonera komweko inatenga makilogalamu 2,000 mu Novembala, ya K3,000,000, n'kulonjeza kulipira ana akalipira fizi ya teremu yotsatira. Mpungawo unachoka, ana anadya, kopaletivi inachita mbali yake yonse. Amenewa ndi malonda a 2023 ngakhale ndalama sinafike, ndipo K3,000,000 imalembedwa ngati ngongole yomwe kopaletivi ikuyembekezera kulandira. Chinacho: wamalonda wina wa ku Blantyre anasiya K900,000 mu Disembala, kulipiriratu makilogalamu 600 oti adzatenge mu Januwale. Ndalamayo inali m'bokosi, koma mpunga wake unali usanapunthidwe n'komwe. Shedi ikanati ipse usiku wa pa 31 Disembala, kopaletivi ikanayenera kumubwezera. Ndiye si malonda, ndi ngongole ya kopaletivi kwa wamalondayo mpaka tsiku lomwe adzanyamule katundu wake.

Mamembala ambiri anavomera msanga za sukulu koma za K900,000 zinawavuta. Munthu akamaona ndalama m'manja savomera kuti si yake. Ndinaona kuti ndi bwino kufotokoza ziwirizi limodzi, chifukwa lamulo lake ndi limodzi: timayang'ana kumene mpunga uli, osati kumene ndalama ili.

Mpunga wogulitsidwa ndi mpunga wotsala

Apa ndi pomwe panagona kusiyana kwakukulu. Pakati pa Juni ndi Ogasiti kopaletivi inagula matumba 400 pa K30,000 lililonse, K12,000,000 yonse, n'kulipira K400,000 kwa angolo ndi a njinga zamoto omwe anatuta matumbawo kuchokera kuminda kufika kushedi. Buku la kashi linalemba K12,400,000 yonseyo ngati yowonongedwa m'chaka cha 2023. Koma malonda a K12,000,000 aja sanachokere m'matumba 400. Anachokera m'matumba 250. Enawo anali chikhalire pamathandala, kudikira mitengo ya mu Febuluwale.

Mtengo wa thumba limodzi ndi zonse zomwe zinalipidwa kuti lifike pomwe lili, mmene lilili. Ndiye mtengo wogulira K30,000 timauphatikiza ndi K1,000 ya mtengatenga, kukhala K31,000. Ndalama ya angolo simaikidwa yonse m'chaka chomwe inalipidwa, imakwera pathumba n'kuyenda nalo, ndipo imasanduka yowonongedwa tsiku lomwe thumbalo lagulitsidwa. Matumba 250 pa K31,000 ndi K7,750,000. Imeneyi ndiyo ndalama yoyenera kuima moyang'anizana ndi malonda a K12,000,000. Yotsalayo ndi chuma cha kopaletivi chomwe chasintha maonekedwe, kuchoka pa ndalama kukhala mpunga.

Komabe chiwerengero cha m'buku la kushedi sindichikhulupirira ndisanawerenge ndekha. Buku linkati patsala matumba 150. Titawerenga pamodzi ndi kalaliki ndi mamembala awiri a komiti yoyang'anira, abwino anali 144. Asanu ndi limodzi a pansi, kumbali yomwe denga linadontha mvula yoyamba, anali atachita nkhungu ndipo makoswe anali atalowamo. Amenewa sadzabweretsa malonda alionse, choncho palibe chifukwa chowasungira kuti akakumane ndi malonda a chaka chamawa. K186,000 yawo inalembedwa ngati yotayika m'chaka chomwe anawonongeka. Sitoko yopita nayo ku 2024 inakhala matumba 144 pa K31,000, yomwe ndi K4,464,000.

Membala wina wachikulire anafunsa chifukwa chomwe sitikuwerengera matumbawo pa mtengo wa pamsika, poti mu Disembala mpunga unali utakwera kwambiri, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala. Funso labwino. Lamulo la sitoko, lomwe m'malamulo a maakaunti a dziko lonse lili mu IAS 2, limati katundu wosagulitsidwa alembedwe pa mtengo womwe unamupezera kapena pa ndalama yomwe ungapeze utamugulitsa, n'kusankha chochepa pa ziwirizo. Mtengo ukakwera, phindu lake umalidikira mpaka utagulitsadi. Ukatsika kupitirira pomwe unagulira, kuluzako umakulemba nthawi yomweyo. Ine lamuloli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa kuno mtengo wa mpunga ungasinthe sabata imodzi, ndipo msewu wa Thabwa kupita ku Fatima ukaduka ndi mvula ogula safika konse.

Ngongole yosalembedwa paliponse

Kupuntha kunali K2,000 pathumba, kuphatikizapo matumba atsopano oikamo mpunga woyera. Matumba 250 akanayenera kudya K500,000, koma buku linkaonetsa K300,000. Chiwerengero chikapanda kugwirizana ndi kuchuluka kwa ntchito yomwe yachitika, pamakhala china chobisika. Ndinatsegula masamba a Januwale ndi Febuluwale 2024 n'kupeza K200,000 yolipidwa kwa mwini makina pa matumba 100 omwe anapuntha mu Disembala. Mpunga wake unagulitsidwa mu Disembala momwemo, ndiye K200,000 ndi ya 2023. Kuyang'ana zolipidwa m'miyezi iwiri yoyamba ya chaka chatsopano n'kufunsa pa chilichonse kuti ntchito yake inachitika liti, ndiyo njira yodalirika yopezera ngongole zotere m'magulu omwe sasunga mainvoisi.

Yaikulu inali ya chiwongoladzanja. Ngongole ya K6,000,000 anaitenga pa 1 Juni, pa 3 peresenti pamwezi yowerengera pa mpamba wokha, yoti adzabweze zonse pamodzi kumapeto kwa Malichi 2024. Poti sanalipirepo kalikonse, buku la kashi linali chete. Koma mwezi uliwonse ndalama ya eni ake inkagwira ntchito m'kopaletivi, ndipo mwezi uliwonse K180,000 inkaunjikana. Miyezi isanu ndi iwiri, Juni mpaka Disembala, ndi K1,260,000. Anthu amaganiza kuti akruwo ndi njira yokometsera mabuku kuti losi ioneke ngati phindu. Pano inachita zosiyana: inatulutsa poyera ndalama yomwe komiti inali isanaiganizire, yoposa malipiro a antchito a chaka chonsecho.

Zogawidwa ndi nthawi

Sizonse zomwe ungaziloze kuti izi zinapita pathumba ili. Lendi ya shedi, K600,000, inalipidwa mu Julaye ya miyezi khumi ndi iwiri mpaka Juni 2024. Theka lake, K300,000, ndi la 2023, theka linalo ndi lolipiriratu. Sikelo yaikulu ndi kamakina koyezera chinyezi zinagulidwa K1,000,000, ndipo komiti inagwirizana kuti zingagwire ntchito nyengo zisanu zogula mpunga. Nyengo iliyonse isenze K200,000, ndipo K800,000 ikhalebe m'mabuku ngati katundu. Malipiro a kalaliki ndi mlonda, K150,000 pamwezi onse awiri, K1,050,000 pa miyezi isanu ndi iwiri, analipidwa onse ndipo amalowa m'chaka chomwe anthuwo anagwira ntchito. Apa njira ziwirizi zinagwirizana.

Wina angatsutse kuti mlonda ankalonderanso matumba 144 otsalawo, ndiye gawo la malipiro ake ndi la lendi liyenera kukwera pamatumbawo ngati mmene inachitira ndalama ya angolo. Lamulo silitero pa ndalama zongosungira katundu woyembekezera kugulitsidwa. Kututa kunafikitsa mpunga pamalo pake, pomwe kusunga sikuusintha. Kukanaloledwa, gulu lililonse lomwe katundu wake sakuyenda likanamabisa zowonongedwa zake m'sitoko, n'kumaoneka ngati likupindula pomwe likumira.

Zotsatira

Malonda K12,000,000, kuchotsa mpunga wogulitsidwa K7,750,000 ndi kupuntha K500,000, patsala K3,750,000. Pamenepa tichotse matumba owonongeka K186,000, lendi K300,000, kutha kwa sikelo K200,000, malipiro K1,050,000 ndi chiwongoladzanja K1,260,000. Phindu la chaka ndi K754,000.

Pamsonkhano sindinayambe ndi chiwerengero chimenechi. Anthu anali atamva kale za K5,450,000, ndipo ukangobwera ndi nambala ina amati komiti yakugula. Ndinayambira pa nambala ya msungichuma yomweyo, n'kuyenda nawo sitepe ndi sitepe pabolodi:

Buku la kashi: kuchepa kwa K5,450,000
Onjezani ngongole ya sukulu: K3,000,000
Onjezani matumba 144 a m'shedi: K4,464,000
Onjezani lendi yolipiriratu: K300,000
Onjezani mtengo wotsala wa sikelo: K800,000
Chotsani ndalama ya wamalonda wa ku Blantyre: K900,000
Chotsani ngongole ya kupuntha: K200,000
Chotsani chiwongoladzanja chosalipidwa: K1,260,000
Phindu: K754,000

Mzere uliwonse unali ndi chinthu choti munthu akhoza kukachiona ndi maso: matumba m'shedi, siginecha ya bwana wa sitolo ya sukulu, kalata ya ngongole. Zinathandizanso kuchotsa chitonzo pa mayi msungichuma, poti nambala yawo sinali yolakwa. Inkayankha funso lakuti ndalama zayenda bwanji, pomwe mamembala ankafunsa ngati bizinesi yapindula.

Ndinawaonetsanso zomwe zikanachitika chaka chotsatira akanapitiriza kuyeza phindu ndi buku la kashi. Matumba 144 akanatulutsa makilogalamu 4,608. Kuchotsapo 600 a wamalonda uja, otsalawo pa mtengo wa K2,000 womwe ankayembekezera, pamodzi ndi K3,000,000 ya sukulu, zikanalowetsa ndalama zopitirira K11,000,000 m'miyezi itatu popanda kugula thumba ndi limodzi lomwe. Msonkhanowo unali wosankhanso komiti. Yakaleyo ikanachoka ndi mbiri ya kuba, yatsopano n'kutamandidwa chifukwa cha mpunga womwe sinagule. Ndi ngati kuyamika wokolola n'kudzudzula wolima, munda uli umodzi womwewo. Choopsa kwambiri, phindu labodza la miyezi itatulo likanagawidwa kwa mamembala, n'kufika Juni opanda mpamba wogulira mpunga watsopano.

Pomwe akruwo imathera mphamvu

Atangomva kuti pali phindu, ena anafuna ligawidwe tsiku lomwelo. Ndinalangiza kuti asatero, ndipo chifukwa chake chinachokera m'buku la msungichuma lomwelo. Pa 31 Disembala kopaletivi inali ndi K4,550,000 m'bokosi ndi kubanki, pomwe kumapeto kwa Malichi inkayenera kubweza K7,800,000, mpamba ndi chiwongoladzanja cha miyezi khumi. Wobwereketsa salandira phindu la papepala, amafuna ndalama. Kuti akwanitse, pankafunika kuti sukulu ilipire kapena mpunga wotsala ugulitsidwe nthawi isanakwane.

Komanso K754,000 ija yaima pa ziganizo za anthu. Ngongole ya sukulu yokha ndi yaikulu pafupifupi kanayi kuposa phindu lonse. Sukuluyo ikanalephera kulipira gawo limodzi mwa magawo anayi, phindu likanatsala K4,000. Ndinapempha kalata yochokera kusukuluko yovomereza ngongoleyo ndi tsiku lolipira, ndinaonanso kuti m'mbuyomo inkagula kwa mamembala ena n'kumalipira ngakhale mochedwa, ndipo pa zifukwa zimenezi sindinachotseko kalikonse. Kalatayo ikanapanda kubwera, ndikanapatula gawo lina ngati ngongole yokayikitsa, ndipo chaka chikanatha ndi losi. Zaka zisanu za sikelo nazonso ndi kuyerekeza chabe. Fumbi ndi kutentha kwa kuchigwa kuno zimapha zida zamagetsi msanga, ndipo K200,000 pachaka yawerengedwa pa mtengo wa kwacha isanagwe, ndiye ngakhale ataisunga yonse sidzakwana kugula sikelo ina.

Ichi ndi chifukwa chake njira ya akruwo ndi yosavuta kuiseweretsa m'manja mwa munthu wosakhulupirika. Kuwonjezera matumba makumi awiri okha pa chiwerengero cha sitoko kumakweza phindu ndi K620,000 popanda ndalama iliyonse kusuntha. Kulemba mpunga wa mu Januwale ngati wagulitsidwa mu Disembala kumachita chimodzimodzi. Zizindikiro zake zimadziwika: phindu likukwera chaka ndi chaka koma ndalama kubanki zikuchepa, ngongole za ogula zikukula kuposa malonda, kapena makilogalamu ogulitsidwa sakugwirizana ndi matumba opunthidwa. Buku la kashi ndi lovuta kulinamiza mwanjira imeneyi, poti ndalama imawerengeka. Kwa banki m'khonde kapena gulu laling'ono lopanda sitoko ndi ngongole za ogula, ine sindiumiriza akruwo konse, kashi imakwanira.

Zomwe tinakhazikitsa

Sindinasinthe kalembedwe ka tsiku ndi tsiku. Mayi msungichuma akupitiriza buku lawo monga kale, chifukwa ndi lomwe limateteza ndalama. Tinangowonjezera makope atatu. Loyamba ndi la kushedi, la kalaliki, lolemba matumba olowa, opita kumakina, makilogalamu obwerako ndi otuluka, ndipo komiti yoyang'anira imawerenga matumba kumapeto kwa mwezi uliwonse n'kusaina. Lachiwiri ndi la omwe atenga mpunga osalipira ndi omwe alipiriratu. Lachitatu ndi la ngongole za kopaletivi, momwe chiwongoladzanja chimalembedwa mwezi ndi mwezi ngakhale chisanalipidwe. Ndi makope atatuwa, kusintha kuchoka pa kashi kupita pa akruwo kumapeto kwa chaka ndi ntchito ya mizere ngati ija ya pabolodi.

Ndinaperekanso ganizo loti chaka chawo cha maakaunti chizithera pa 30 Epulo, mpunga wa m'shedi ukakhala utatsala pang'ono kutha ndipo mpunga watsopano usanayambe kugulidwa. Pa nthawi imeneyo sitoko imakhala yochepa, ngongole ya nyengo imakhala itabwezedwa, ndipo zoyerekeza m'maakaunti zimachepa kwambiri. Kusinthako kumafuna kukonza malamulo a kopaletivi ndi kudziwitsa ofesi ya boma yolembetsa makopaletivi, ndiye msonkhano unatumiza nkhaniyo ku komiti. Pa za phindu, anagwirizana kuti lisagawidwe mpaka ngongole itabwezedwa. Sukulu inalipira K2,000,000 mu Febuluwale ndipo K1,000,000 yotsalayo inafika mu Meyi, ngongole ya K7,800,000 itabwezedwa kale ndi ndalama za mpunga wa m'shedi.